Ndemanga za apulezo ya kiliniko ofesa zikamangovuta: pomwe zalakwika ndi kakonzedwe kake

Chaka ndi chaka mafomu a apulezo, ounikira momwe munthu wagwirira ntchito, akafika pa tebulo panga ndimapeza mawu omwe aja, "ndi wolimbikira ntchito, amagwirizana ndi anzake, apitirize", ndiye ukatsegula fomu ya munthu wina upeza mawu omwewonso, pamene mmodzi amakhala ku thiyeta usiku wonse ndi amayi ofunika siza winayo amaona ana ku wodi. Zimandipweteka chifukwa kiliniko ofesa wa pa fomuyo wagwira odwala mazanamazana chaka chonse, ndipo pepala lomwe lidzamutsatire pofuna kukwezedwa kapena kupita kusukulu silikunena chilichonse cha iye. Ndayala mavutowa potengera chomwe mukuona pa fomu kapena pa nkhope ya munthuyo, ndipo pansi pa lililonse zoyambitsa ndaziika kuyambira yomwe imachitika kawirikawiri kutsikira ku yosowa.

## Chizindikiro choyamba: ndemanga yanu ingakwane pa fomu ya munthu aliyense

Kuyesa kwake nkosavuta. Phimbani dzina ndi chala, muwerengereni mnzanu wa mu dipatimenti momwemo, mufunse kuti akuganiza ndi ndani. Akalephera ndiye kuti simunalembe za munthu, mwangodzaza bokosi.

Zoyambitsa:

- Simunasunge kalikonse chaka chonse, mukulemba kuchokera m'mutu tsiku lomaliza lopereka mafomu
- Simunamuonepo akugwira ntchito, mumangomva kwa anthu
- Mukuopa kukhumudwitsana ndi munthu amene mawa mudzamupempha kuti akugwirireni kolo, ntchito yoitanidwa nthawi yoweruka itadutsa
- Fomu ili ndi kabokosi kakang'ono ndiye mwazolowera mawu atatu

Choyambacho ndi chomwe chimatigwetsa ambiri. Dzifunseni ngati mungatchule zinthu zitatu zomwe munaziona ndi maso anu, chilichonse ndi mwezi wake. Ngati simungathe musalembe kaye, pitani mukatenge mafailo a odwala omwe iye anawaona, 20 akukwana, ndipo musasankhe okhawo omwe mukukumbukira kuti panali vuto ayi, tengani mwachisawawa, mwina failo iliyonse yachisanu mu lejisita, ena a masana ena a usiku, ena a miyezi yoyambirira ena a posachedwa. Musanatsegule failo yoyamba lembani pa pepala zinthu zinayi kapena zisanu zomwe mukufuna kuona, apo ayi mumangosochera m'zolemba ndikuyamba kuweruza kalembedwe ka dzanja. Kwa munthu wa ku wodi ya ana zingakhale izi: kulemera kwa mwana kwalembedwa kodi, kapumidwe kawerengedwa pa mphindi, mulingo wa mankhwala ukugwirizana ndi kulemera, pali dongosolo lomveka la zomwe wobwera pa shifiti yotsatira achite. Kwa wa ku matenite mungaone patogirafu, tchati cholondolera mayi amene akubereka, ngati mtima wa mwana ukulembedwa mphindi 30 zilizonse komanso ngati mayi akuyezedwa njira pa maola 4 aliwonse, ndiponso anatenga nthawi yanji kuitana wamkulu zinthu zitapatuka.

Ngati vuto ndi lachiwirilo, mafailo okha sakwanira chifukwa failo siikuuzani momwe munthu amayankhulira ndi mayi yemwe mwana wake akukomoka. Muuzeni pasadakhale kuti mukhala naye pamene akuona odwala awiri kapena atatu, khalani pakona osalowerera pokhapokha wodwala ali pangozi, mphindi 15 pa wodwala mmodzi zimakwana, mukatuluka muuzeni pomwepo chomwe mwaona kenako lembani deti mu kabuku kanu.

Ndemanga yabwino imakhala ndi zinthu zitatu: kunali kuti ndipo liti, anachita chiyani, zinathandiza kapena kuwononga chiyani. M'malo mwa "amasamala odwala" lembani chonchi: "Mu Malichi pa raundi ya m'mawa anaona kuti mwana amene analembedwa kuti ali ndi malungo okha akupuma maulendo 56 pa mphindi ali ndi miyezi 18, anamuyezanso ndikuyamba chithandizo cha chibayo tsiku lomwelo." Wowerenga aliyense wodziwa ntchitoyi aona yekha luso lake, chifukwa kwa mwana wa miyezi 12 mpaka 59 kupuma kofika maulendo 40 kapena kuposa nkofulumira kale, simufunikanso kuwonjezera kuti "ndi katswiri".

Za kabokosi kakang'ono, lembani pa pepala lina mulumikize, musainire nonse awiri.

## Chizindikiro chachiwiri: akukana kusaina, akuti mwamuchitira nkhanza

Apa musathamangire kunena kuti munthuyo ndi wovuta, nthawi zambiri akamakana chonchi pali chomwe ife olemba taphonya.

Zoyambitsa:

- Akumva nkhaniyo koyamba pa tsiku la apulezo
- Mwamuikira mlandu wa zinthu zomwe sizili m'manja mwake, monga zida zowonongeka, mankhwala osowa, kapena kukhala yekha pa shifiti ya anthu awiri
- Cholakwa chimodzi cha mwezi wathawu chaphimba miyezi 11 yonse
- Mwalemba za khalidwe lake m'malo mwa zochita zake
- Mukumuyeza ndi muyezo wa dokotala kapena wa mnzake amene wagwira zaka khumi, osati ndi zomwe zili pa kalata ya ntchito yake

Lamulo langa ndi loti palibe chinthu chodzudzula chomwe chimalowa pa fomu ngati sindinachinenepo pamaso pake chitangochitika. Mukapeza vuto latsopano pa nthawi yowerenga mafailo, khalani naye kaye pansi ndi mafailowo musanalembe, ndipo nthawi zambiri mudzadabwa ndi zomwe angakuuzeni.

Tiyerekeze nkhani iyi kuti muone momwe zimayendera. Mwatenga mafailo 20 a ana omwe anagonekedwa ndi malungo aakulu ndipo onse anawaona kiliniko ofesa mmodzi. M'mafailo 6 mulibe kulemera kwa mwana. Mwa 14 otsalawo, ana 4 olemera pansi pa makilogalamu 20 anawerengeredwa jakisoni wa malungo wa atesuneti pa mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse, pamene malangizo a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse kuyambira 2015 amati mwana wochepera makilogalamu 20 alandire mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Kwa mwana wa makilogalamu 12 ndiye kuti analandira mamiligalamu pafupifupi 29 m'malo mwa 36. Mutakwiya mungalembe kuti "ndi wosasamala pa kapatsidwe ka mankhwala", ndipo iye akana kusaina, ndipo ali ndi chifukwa.

Yang'ananinso mafailo 6 aja, onani nthawi yomwe mwana anafika. Mupeza kuti 5 mwa iwo anafika usiku. Mukamufunsa akukuuzani kuti sikelo ya ana imatsekeredwa mu ofesi ya masana ikakwana nthawi yoweruka ndipo a masanawo kiyi amapita nayo, iye usiku amangoyerekeza kulemera poona msinkhu wa mwana. Mufunse nesi wa usiku payekha, akuvomereza. Ndiye mavuto omwe munawaona ngati limodzi ali awiri: la sikelo ndi lanu inu ngati woyang'anira, la mulingo wa atesuneti ndi lake, ngakhale apanso funsani ngati tchati chomwe chili pakhoma la wodi ndi chatsopano, mwina akungotsatira pepala lakale lomwe palibe analichotsa. Onaninso zomwe zayenda bwino m'mafailo omwewo chifukwa ndi umboninso, tinene kuti ana onse 20 anayezedwa shuga pofika ndipo jakisoni woyamba sanachedwe.

Ndemanga yachilungamo ikhoza kumveka chonchi: "Pa mafailo 20 a malungo aakulu a pakati pa Januwale ndi Okutobala, ana onse anayezedwa shuga pofika ndipo analandira jakisoni woyamba msanga, izi amazichita mosaphonya. Pa ana 4 ochepera makilogalamu 20 mulingo wa atesuneti unawerengedwa pa 2.4 m'malo mwa 3, takambirana ndipo avomereza kuti amagwiritsa ntchito mulingo wakale. Kulemera sikunalembedwe m'mafailo 6, ndipo 5 mwa awa ndi a usiku pamene sikelo imakhala yotsekeredwa, ili ndi vuto la dipatimenti ndipo ine ndilikonza." Munthu akawerenga izi sakondwa kwenikweni, koma amasaina, chifukwa palibe chomwe mwamunamizira ndipo inunso mwadzilemba pa pepalapo.

Pa nkhani yolemba za khalidwe, fufuzani mawu awa mu ndemanga yanu: waulesi, wamwano, wodzimva, wosasamala, alibe chidwi. Onse ndi oweruza mtima wa munthu omwe simungauone. Pa mawu aliwonse oterewa dzifunseni kuti ndinaona chiyani chomwe chandipangitsa kunena chonchi, ndiye lembani chomwe munaonacho. "Wamwano" imasanduka "kawiri mu Juni anadula nesi mawu pa handova asanamalize kufotokoza za wodwala, ndipo ulendo umodzi zinachititsa kuti uthenga wa magazi omwe anaitanitsidwa usafike kwa olowa masana". Izi munthu angazitsutse ndi umboni kapena kuzisintha, koma "wamwano" angachite nayo chiyani.

Pali msampha wina womwe katswiri wa maganizo Edward Thorndike anaulemba kale mu 1920 ataona momwe akuluakulu a asilikali amaperekera magiredi kwa anyamata awo: munthu akatisangalatsa pa chinthu chimodzi timamupatsa zabwino pa zonse, akatinyansa pa chimodzi timamutsitsa pa zonse. Kiliniko ofesa wodziwa kuseka ndi mabwana amapeza giredi yapamwamba ngakhale pa kalembedwe ka mafailo komwe sanakaonepo aliyense, pamene wofatsa wa usiku amene sitikumana naye amangopatsidwa yapakati. Njira yomwe imandithandiza ndiyo kusadzaza fomu ya munthu mmodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, koma kutenga gawo limodzi, mwachitsanzo kalembedwe ka mafailo, ndikulemba anthu onse pa gawo limenelo kenako kupita pa lina.

## Chizindikiro chachitatu: cholinga cha chitukuko chikungobwerera chaka ndi chaka

Tsegulani fomu ya chaka chatha ndi ya dzana. Mukapeza kuti monsemo mwalembedwa "apititse patsogolo luso lake" kapena "apite ku maphunziro ena", ndiye muli pano.

Zoyambitsa:

- Cholinga sichinachokere mu ndemanga, chinangolembedwa kuti bokosi lisakhale lopanda kanthu
- Palibe choyezera, palibe deti, palibe dzina la womuthandiza
- Cholinga chonse chadalira kozi kapena wekishopu yomwe inu simungathe kumutumizako
- Zolinga zachuluka, zisanu ndi ziwiri pa munthu mmodzi
- Munthuyo sanafunsidwe komwe akufuna kulowera

Tengani pensulo mujambule mzere kuchokera pa chofooka chilichonse chomwe mwalemba kupita pa cholinga chake. Chofooka chopanda mzere ndi kudandaula chabe, cholinga chopanda mzere ndi chokongoletsera fomu. Mu nkhani ya atesuneti ija cholinga chikhala chonchi: "Pofika kumapeto kwa Febuluwale, mafailo onse a malungo aakulu omwe awona akhale ndi kulemera kwa mwana ndi mulingo wowerengedwa moonekera. Akonza tchati chatsopano cha milingo mothandizidwa ndi wa ku famase ndikuchifotokoza kwa anzawo pa msonkhano wa m'mawa mu Disembala. Ine ndionetsetsa kuti sikelo ili pa wodi usiku kuyambira sabata ino, ndipo tidzawerenga limodzi mafailo ena 20 sabata yoyamba ya Malichi." Onani kuti muli ntchito yake, muli ntchito yanu, muli tsiku lokumananso, ndipo kumupatsa iyeyo kuti aphunzitse anzake kumachotsa manyazi a cholakwacho, komanso mwina si iye yekha amene amawerengera pa mulingo wakale.

Za makozi ndinene mosabisa, ndi bwino munthu kupita, koma mukalemba kozi ngati njira yokhayo ndiye ikapanda kupezeka chaka chonse chapita pachabe ndipo palibe wolakwa. Lembani kaye zomwe zingachitike mkati mwa chipatala: kutsatana ndi wamkulu pa ma opaleshoni angapo ndikulemba mu logibuku, kuonedwa akuchita njira inayake katatu ndi munthu woidziwa, kufotokoza nkhani ya wodwala mmodzi pa msonkhano wa dipatimenti. Kozi ibwere ngati chowonjezera.

Zolinga ziwiri kapena zitatu zakwana, ndipo chimodzi chikhale chokulitsa chomwe amachita bwino kale osati zokonza zolakwa zokhazokha. Mufunseni akufuna kudzakhala kuti zaka zitatu zikubwerazi. Amene mtima wake uli ku mafupa kapena kogonetsa odwala ku thiyeta mukamulembera zolinga za kwina adzasaina koma sadzazigwira, pamene mukalumikiza chofooka chake ndi komwe akupita, mwachitsanzo kumuonetsa kuti wogonetsa odwala amakhalira kuwerengera milingo pa kulemera tsiku lililonse, amachitenga ngati chake.

## Chizindikiro chachinayi: giredi ikunena zina, mawu akunena zina

Ili ndi lalifupi. Mwapereka giredi yapamwamba koma mawu ali odzaza ndi madandaulo, kapena mwapereka yotsika pamene mawu akuti "amagwira bwino ntchito".

- Kawirikawiri munayamba ndi giredi ndikumafunafuna mawu pambuyo. Tembenuzani, lembani umboni kaye giredi ibwere pomaliza.
- Mwina mumapatsa aliyense yapakati kuti pasakhale wodandaula. Werengani tanthauzo la giredi iliyonse pa fomu yanu, muone umboni wanu ukugwa pati.
- Nthawi zina mwakweza giredi pomumvera chisoni kuti asaphonye kukwezedwa. Dziwani kuti tsiku lomwe mudzafune kumuthandiza mwalamulo pa vuto lenileni, fomu yomweyi idzakutsutsani chifukwa inu nomwe munasaina kuti zonse zili bwino.

## Pomwe muyenera kuima ndikuitana ena

Fomu ya apulezo si malo ozengera mlandu ndipo si chipinda chopimira matenda a wantchito. Ikani cholembera pansi mukakumana ndi izi:

- Wodwala wavulala kwambiri kapena wamwalira ndipo pakuoneka kuti chisamaliro chinaphonyeka. Dziwitsani mkulu wa zachipatala tsiku lomwelo kuti nkhani idutse njira yofufuzira zochitika zotere, ndipo musalembe chigamulo pa apulezo kufufuzako kusanathe.
- Mukuona kuti vuto likuika odwala pangozi panopa. Musadikire nyengo ya mafomu, mulingo wolakwika ngati uja umakonzedwa lero, fomu idzangolemba zomwe munachita kale.
- Kusintha zolemba m'mafailo mwachinyengo, kusowa kwa mankhwala, kulipiritsa odwala mobisa, kugwira wodwala kapena mnzake mosayenera, kubwera ku ntchito ataledzera. Izi ndi za ofesi yoona za antchito, ndipo zina zimafika ku khonsolo yomwe imapereka ziphaso kwa azachipatala.
- Akuchita ntchito zoposa zomwe chiphaso chake chimalola, kapena chiphasocho chinatha mphamvu. Funsani akuluakulu, chifukwa kawirikawiri ndi chipatala chomwe chamuika pamenepo posowa anthu ndiye mlandu si wake yekha.
- Munthu amene anali wodalirika wasintha mwadzidzidzi, akuiwala zinthu, sakugona, akulira, kapena wanenapo zofuna kudzipha. Khalani naye panokha, mulumikizeni ndi mlangizi kapena dokotala woona za maganizo, ngati wanena zodzipha musamusiye yekha, ndipo musalembe dzina la matenda alionse pa fomu.
- Inu ndi iye muli pa mkangano, pachibale kapena pa chibwenzi. Pemphani kuti wina alembe, kapena pakhale munthu wachitatu pokambirana.
- Inuyo si wa zachipatala koma fomu ikufuna muweruze luso lake lopima ndi kuchiza. Lembani zomwe mungathe monga kusunga nthawi ndi malipoti, gawo la luso mupatse dokotala kapena kiliniko ofesa wamkulu amene wamuonapo akugwira ntchito.

Akakanabe kusaina mutakambirana ndi kumuonetsa umboni, musamukakamize ndipo musafufute ndemanga yoona kuti mungomusangalatsa. Mupatseni malo alembe mbali yake ndi dzanja lake, lembani deti yomwe munakumana ndi mafailo omwe munaonera limodzi pogwiritsa ntchito manambala a mafailo osati mayina a odwala, kenako tumizani zonse kwa amene amasaina pamwamba panu ndipo mumuuze iyeyo njira yochitira apilo yomwe ili m'malamulo a pa ntchito panu.